Timapepala Tiwiri Timene Ndinataya pa Songani

Amene anandilakwira ndi apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga, mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo. Ananena pamaso pa ankhoswe kuti ndinawabera ndalama za malata, ndipo ndalamazo zitabwerera ku banki kwawo patangotha masiku asanu, anangokhala duu ngati sakudziwa kanthu. Ndayamba ndi mlandu wawo chifukwa ndi umene umabwera msanga pakamwa panga. Wanga uli m'munsimu, ndipo ndi wautali kuposa wawo.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Ndinamenya mnzanga m'kalasi chifukwa choseka kabudula wanga, ndipo atandiuza kuti ndikabwere ndi makolo sindinabwererenso. Ndinaphunzira zomangamanga potsatira amisiri, kuyambira kuponda matope mpaka kugwira chingwe ndi levulo. Ndinakwatira m'mudzi wina wa kwa Malemia, kufupi ndi mtsinje wa Domasi, ndipo monga mwa chikhalidwe chathu ndinakakhala kuchikamwini, kwawo kwa mkazi. Apongoziwo sankandida poyera. Ankangokonda kundifunsa mawu a Chingerezi pamaso pa alendo, kenako n'kuseka pang'ono, amvekere, "Akamwini athuwa anathawa choko." Ine ndinkaseka nawo mano okha.

Ndalama zawo za penshoni zitatuluka anaganiza zomanga nyumba ya njerwa zootcha. Ndinaimanga ndine, osalandira kanthu, poti mkamwini salipitsa apongozi. Njerwa tinaumba mu Juni, tinaotcha mu Ogasiti, ndipo pofika Okutobala makoma anali atafika pamwamba, mitengo ya denga itakhomedwa. Tinamangira dothi, osati simenti, choncho mvula ikanapeza makomawo osafoleredwa akanasungunuka. Kunangotsala malata makumi atatu. Mumtima ndinkati tsiku limene ndidzakhome lata lomaliza, za choko zija zidzathera pomwepo. Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu.

Loweruka lina m'mawa apongozi anandiitana. Bondo lawo linali litatupa ndi nyamakazi moti sakanatha kukwera galimoto. Anatulutsa khadi la ku banki lomwe ankalikulunga m'kampango, n'kundinong'oneza nambala yake yachinsinsi, n'kundiuza kuti ndiibwereze katatu ngati mwana wa Sitandade 1.

"Ndalama zili m'menemo n'zokwanira malatawo basi," anatero. "Musakaonjezere kanthu."

Foni yawo, imene banki imatumizako meseji ndalama zikachoka, inatsala m'thumba mwawo. Sindinaganize n'komwe kuti zili ndi kanthu.

Pa Songani pali sitolo ina ya zipangizo zomangira yomwe imalandira makhadi. Ndinapangana ndi mwini kapikapu wina kuti andinyamulire katundu, ndipo chifukwa anali ndi ulendo wina wa ku Malosa, tinayamba kukweza malata ndisanalipire. Atakwana makumi atatu ndinalowa m'sitolo, manja ali mbuu, ndikudzimva kuti ndine munthu. Pa kauntala panali mayi wina wamagalasi, wamkulu kwa ine mwina ndi zaka khumi. Analemba mtengo pa kamakina, n'kulowetsa khadi, n'kunditembenuzira kuti ndilembe nambala, iye akuyang'ana kumbali. Ndinalemba. Kamakina kanakhala nthawi yaitali kakuganiza. Kenako kanalira n'kulavula kapepala.

Mayiyo anakawerenga n'kupukusa mutu.

"Kalemba kuti Communication error, achimwene. Ndiye kuti kamakinaka ndi banki sizinamvane mpaka pamapeto. Netiweki yavuta."

"Ndiye bwerezani."

"Tisabwereze kaye. Zikatere nthawi zina ndalama zimakhala sizinachoke, koma nthawi zina zimakhala zachoka kale, yankho lokha ndiye latayika panjira. Foni yanu yalandira meseji?"

"Khadili ndi la apongozi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Aimbireni aone foni yawo. Ngati palibe meseji, tidikire pang'ono netiweki ikhazikike, tiyesenso. Ngati ilipo, tisakhudzenso."

Mayunitsi ndinali nawo. Ndikunena izi chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti ndinalibe. Chimene ndinalibe ndi mtima woimbira munthu uja n'kumuuza kuti ntchito yongolowetsa khadi m'makina yandikanika. Ndinkamva kale kaseko kake kaja. Panja mwini kapikapu analiza hutala, ndipo kumbuyo kwanga kunali bambo wina atanyamula chitini cha penti, akupumira m'khosi mwanga.

"Chemwali, ine sindinabwere kudzaphunzira. Bwerezani."

"Khadi ndi lanu," anatero, "koma ndakuuzani."

Ulendo wachiwiri kamakina sikanaganize n'komwe. Kanalira nthawi yomweyo n'kutulutsa kapepala kena.

"Apa kalemba kuti Declined. Poyamba paja yankho la banki silinatifike. Apa latifika, banki yakana."

"Yakana bwanji ndalama zilimo?"

"Ine m'kati mwa akaunti sindionamo. Banki imakana ndalama zikachepa, kapena mukapyola malire a tsiku, kapena khadi likatsekedwa. Ikanakhala nambala yolakwika kakananena. Muli ndalama zambiri kuposa za malatawa?"

"N'zokwanira malatawa basi."

"Ndiye mwina zinachoka ulendo woyamba uja."

Anadinadina kamakina, n'kundionetsa mndandanda wa zomwe anagulitsa tsikulo. Malata anga panalibe. Anati kwa iwo sikunafike kanthu, ndipo popanda kapepala kovomereza sakanatulutsa katundu, chifukwa bwana wake akanamudula pa malipiro. Kenako anayala timapepala tonse tiwiri pa kauntala n'kutisalaza ndi chala. Mawu amene ananena ndimawakumbukira bwino lero kuposa mmene ndinawamvera tsikulo.

"Titengeni tonse tiwiri, pali tsiku, nthawi ndi nambala ya kamakinaka. Ngati ndalama zachoka, kawirikawiri zimabwerera zokha, mwina lero lomwe, mwina pakatha masiku angapo. Zikachedwa, eni khadi apite ku banki kwawo ndi timapepalati akadandaule. Osati inu, eni ake. Malata anu ndiwasunga pambali."

Ine ndinangomva chinthu chimodzi, kuti malata atsitsidwe. Ndinamenya kauntala. Ndinamuuza kuti iye ndi kamakina kakeko ndi mbava, kuti ndi mmene amadyera ndalama za anthu akumudzi. Bambo wa penti uja anati, "Aise, mayiwa akukuthandizatu," ndipo ndinamufunsa ngati malatawo anali a amake. Timapepala tija ndinatifinya m'dzanja, ndipo nditatuluka ndinatiponya m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, momwe munali makoko a mango ndi madzi akuda. Tinatsitsa malata limodzilimodzi anthu akuonerera. Mwini kapikapu anandilipiritsa nthawi yake, n'kunyamuka.

Nditafika kunyumba ndinapeza apongozi atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, mwendo uli pa mpando, foni ili pa ntchafu. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kumsewu.

"Galimoto ikubwera?"

"Makina anakana, bambo."

"Anakana." Ananyamula foni n'kuwerenga mesejiyo mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuwerengetsa kalasi. Munali dzina la sitolo, nthawi, ndi ndalama zonse za malata. "Apa akuti analola."

Ndinafotokoza, koma mosokoneza, chifukwa magazi anali adakali m'mutu. Ndinayamba ndi kukana kwachiwiri, n'kubwerera ku netiweki, n'kulowetsamo za mwini kapikapu. Iwo ankangogwedeza mutu. Nditamaliza anatambasula dzanja.

"Lisiti."

"Ndataya."

Apongozi anga ndi munthu amene amasunga malisiti a feteleza a zaka zakalekale m'chikwama cha pulasitiki. Kwa iwo munthu wotaya pepala ndiye kuti pali chimene akubisa. Anali atamvanso kuti anyamata ena amapangana ndi ogulitsa m'sitolo, khadi n'kudutsa ngati agula katundu koma iwo n'kulandira ndalama m'manja. Sananene zimenezo tsikulo. Anangoti ndiwapatse khadi lawo, n'kulikulunga m'kampango kaja ine ndikuona.

Lolemba ndinapita ndekha ku banki ku Zomba. Ndinaima pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Kalaliki wa pa desiki anandimvetsera, n'kundiuza kuti za akaunti ya munthu wina sangakambe ndi ine, komanso kuti nambala yachinsinsi sipatsidwa kwa wina ngakhale mkamwini. Anati mwini wake abwere ndi chiphaso. Timapepala tikanathandiza, koma ngakhale popanda ito, meseji ya pa foni ija inali yokwanira kuyambira kufufuza. Ananenanso zomwe mayi uja ananena, kuti mwina zibwerera zokha. Ndinabwera nawo uthengawo n'kutuma mkazi wanga kuti akawauze bambo ake. Anabwerako maso ali pansi.

"Akuti ku banki apita bondo likaphwa. Koma aitana ankhoswe mawa."

Lachiwiri tinakhala pabwalo la nyumba yosafolera ija. Kunabwera amalume anga, amene anali nkhoswe ya kuchimuna, ndi amalume a mkazi wanga, nkhoswe ya kuchikazi. Apongozi anayankhula mofatsa. Anati sakunamizira munthu, koma meseji ya banki siinama, malata palibe, lisiti palibe, ndipo mwana amene analephera kusunga ulemu kusukulu sangasunge ndalama za munthu. Amalume a mkazi wanga anawafunsa kuti anene bwinobwino chimene akutanthauza.

"Ndikutanthauza kuti wandibera," anatero.

Amalume anga, munthu wodekha amene wagulitsa fodya moyo wake wonse osakwezapo mawu, anati nkhaniyi ndi yosavuta. Mawa tonse tipite pa Songani tikamve kwa mayi wa m'sitolo, tikachoka apo tiwanyamule apongozi pa galimoto mpaka ku banki. Apongozi anati mayiyo ndi mnzanga wogawana naye, anganene chiyani. Komabe sanakane kupita. Amene anakana ndine. Ndikanabwerera bwanji kwa munthu amene ndinamutcha mbava pamaso pa anthu, kukamupempha kuti andichitire umboni woti ine si mbava? Zimenezi sindinanene. Ndinaimirira n'kukankha mpando ndi phazi. Ndinawauza apongozi kuti nyumba yawo ndaimanga ulere ngati bulu, kuti mvula ibwere iigwetse, ndipo kuti akafune mkamwini wa digiri adzawakhomere malata. Amalume anga anandigwira malaya, ine n'kuwakutumula. Mkazi wanga anali atakhala pa mphasa pafupi ndi amayi ake, dzanja lili pamimba, osalira.

Kutacha Lachitatu ndinapinda bulangete langa, n'kuika chipande chomangira ndi levulo m'thumba. Mkamwini akamachoka satenga zambiri. Mkazi wanga anaima pakhomo.

"Dikirani sabata imodzi yokha," anatero. "Mwanena nokha kuti zimabwerera."

"Ndikhale pano sabata yonse anthu akundiloza?"

"Ine sindikukulozani."

"Nanga dzulo bwanji simunayankhule?"

"Pa ankhoswe ndikanayankhula ine? Inuyo munayankhula za tonse."

Ndinamudutsa. Pa siteji ndinachotsa simukhadi m'foni n'kuithyola ndi mano, kuti pasapezeke wondiimbira kundinyengerera. Ndinakwera minibasi ya ku Balaka, komwe ndinamva kuti kukumangidwa nyumba zambiri.

Ndinakhala kumeneko miyezi isanu ndi itatu. Ndinkagona m'nyumba zomwe tinkamangazo, zisanaikidwe zitseko. Mvula yoyamba itagwa ndinaganiza za makoma aja, ndipo ndinakondwa. Mu Febuluwale ndinawerenga miyezi pa zala n'kudziwa kuti mwana wabadwa kapena ali pafupi. Nambala ya mkazi wanga ndinkaidziwa pamtima. Ndinailemba pa foni kangapo, osadina. Ndinkafuna kuti iwo ayambe kundifuna, n'kuiwala kuti njira yondipezera ndinaitafuna ndekha.

Mu Juni ntchito inatha ndipo ndinabwerera kwa amayi anga, kufupi ndi Malosa. Iwo ndiwo anandiuza kuti mwana ndi wamkazi, kuti anapita kukamuona ndi amalume, ndipo kuti nyumba ija inafoleredwa. Kumudzi kuja ankati mwana wa apongozi wa ku Blantyre ndiye anatumiza ndalama zina. Amalume anga sanafune kundiona.

Patapita masiku ochepa munthu wina anandipatsa ganyu yokonza khonde, ndipo ndinafunika misomali ndi waya. Ndinapita pa Songani. Ndinazungulira masitolo ena awiri, waya osamupeza, mpaka ndinalowa momwe muja. Mayi wamagalasi anali pomwepo. Ndinaweramitsa mutu, koma anandizindikira.

"Achimwene a malata. Lero mwabwera ndi khadi kapena ndi chibakera?"

"Ndi ndalama, chemwali."

"Ndiye kauntala yanga yapulumuka." Anayeza misomali. "Malata anu aja ndinawasunga mpaka eni ake anabwera."

"Eni ake?"

"Madala aja, aphunzitsi. Anabwera okha ndi ndodo, mvula isanayambe. Khadi lomwe lija, linadutsa kamodzi n'kamodzi. Ndinawafunsa za ndalama zija, anati zinabwerera Lachinayi la sabata yotsatira, ku banki sanapite n'komwe. Ndinati nanga akamwini anu aukali aja? Anati anapita kuganyu."

Ndinachoka Lachitatu. Zinabwerera Lachinayi. Ndinaima pamenepo misomali ili m'manja, ndipo mayiyo anaona kuti wandiuza chinthu chimene sindinkadziwa. Anavula magalasi.

"Sanakuuzeni?"

Ndinapukusa mutu. Kenako ndinamupepesa chifukwa cha mawu anga aja. Anati anatukwanidwapo ndi ambiri pa nkhani ya kamakinako, koma wotaya timapepala m'ngalande ndinali ine ndekha, ndipo anaona timapepalato tikuyandama mpaka madzulo.

Mawa lake ndinapita kwa Malemia. Ndili patali ndinaona denga likunyezimira. Amene anakhoma sanalumikize bwino malata a pamsonga, mzere unali wokhota, ndipo ndinadzida kuti ngakhale pa tsiku ngati limenelo maso anga anayamba kuona zimenezo. Mkazi wanga anali kuseri akutonola chimanga, mwana ali kumsana. Sanadzidzimuke. Anandipatsa mpando ngati mlendo, n'kumasula mwana kuti ndimuone. Anali ndi mphumi yanga. Nditatambasula manja analira, ndipo amake anamubweza pachifuwa.

"Ndamva za ndalama," ndinatero.

"Ine ndinadziwa mu Januwale. Ndinabwereka foni ya bambo kuti ndiimbire kuchipatala, n'kupezamo meseji yoti ndalama zabwerera."

"Osandiuza?"

"Pa nambala iti?"

Anapitiriza kutonola. Anati anawafunsa bambo ake, iwo n'kunena kuti mkulu wa mpingo sangaitanenso ankhoswe kudzameza mawu ake, ndipo poti mwamunayo wachoka yekha, nkhaniyo igone. Amayi ake anamupempha kuti asawachititse manyazi. Iye anamvera n'kubisa nkhaniyo, ndipo anati mlandu umenewo ndi wake, adzayankha yekha.

"Ndiye ndabwera," ndinatero. "Titha kuyambiranso."

"Ayi."

"Koma mwaona nokha kuti sindinabe."

"Ine sindinaganizepo kuti munaba. Ndinakupemphani sabata imodzi. Tsiku limene ndinkachira anandinyamula pa njinga ndi amalume, mvula ikugwa, inu muli kumene mukudziwa nokha. Mawa kamakina kena kadzakana, kapena mwanayu adzakuyankhani molakwika, mudzathyolanso simukhadi. Mwana ndi wanu, muzibwera kudzamuona. Koma bulangete lija lisabwerere m'nyumba mwanga."

Ananena mosakweza mawu, chimanga chikugwera m'dengu. Ndinamva mkwiyo ukukwera, womwe uja wa pa kauntala ndi pa bwalo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakhala pansi mpaka unatsika. Sizinasinthe kanthu. Ankhoswe anadzamaliza nkhani ya banja lathu mwezi wotsatira.

Koma tsiku lomwelo, ndisanachoke, ndinazungulira kumaso kwa nyumba. Apongozi anali pakhonde, pa mpando wa ndalema, akuwerenga Baibulo. Anali atandiona kale ndikulowa. Anaika chala pa tsamba n'kukweza maso, ndipo ndinaona kuti akalamba, ndiponso kuti akuopa kuti ndiwamenya. Panjira ndinali nditakonza mawu ambiri, ena oti sangalembedwe. Ndinavula chipewa n'kukhala pansi, pa sitepe imene ndinaimanga ndekha.

"Mwabwera, akamwini," anatero.

"Ndabwera, bambo. Timapepala ndinataya ndine, foni sindinaimbe ndine, mwana wanu ndinamuthawa ndine. Zimenezo musandisenzere, ndasenza kale. Koma ndalama zanu zinabwerera Lachinayi, ndipo inu mwagona pansi pa malatawa mvula yonse mukudziwa. Banja sindikupempha, latha. Muitane ankhoswe omwe aja, pabwalo lomweli, muwawerengere meseji yachiwiriyo mokweza monga munawerengera yoyamba. Kamwana kali kuseriko kasakule kakumva kuti bambo ake ndi wakuba."